Pansi pa chithunzi ndalemba kuti Source: Google, bwanji akundibweza?

"Ndikukonza masilaidi 14 a phunziro la malungo, ndikaphunzitsa anzanga a zaumoyo kenako fayiloyo akuti aiika pa webusayiti ya bungwe lathu. Zithunzi zambiri ndinangotenga pa Google, pansi pake nkulemba kuti Source: Google, koma otiyang'anira andibweza akuti sizokwanira. Ndilembe chani kwenikweni, nanga ndingadziwe bwanji chithunzi choti nditha kugwiritsa ntchito osapalamula?"

Otiyang'anira anuwo sanalakwitse ayi, ndipo akuthandizani kukubwezani pano fayilo isanakwere pa intaneti. Google sijambula zithunzi, ntchito yake ndi kukuonetsani zithunzi zomwe zili pa mawebusayiti a anthu ena basi, ndiye kulemba kuti chithunzi chachokera ku Google kuli ngati munthu akufunseni kuti mwana uyu ndi wa ndani inu nkuyankha kuti ndi wa msewu chifukwa mwamupeza akuyenda mumsewu. Pinterest chimodzimodzi, Facebook chimodzimodzi, gulupu ya WhatsApp nayonso, awa ndi malo omwe chithunzicho chinangodutsa.

Koma tisanafike pa zoti mulembe, pali zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri amaziphatikiza pamene nzosiyana kutalitali. China ndi kutchula mwini wa chithunzi, china ndi kukhala ndi chilolezo chochigwiritsa ntchito. Mutha kulemba dzina la wojambula bwinobwino, linki ndi chaka chomwe, koma ngati mwiniwakeyo sanalole ndiye kuti mwaphwanyabe umwini wake, kungoti mwachita kusainira nokha. Komanso pali zithunzi zomwe lamulo silikukakamizani kutchula aliyense, koma mukangoziika osanena komwe zachokera omvera aziona ngati nzanu, kusukulu zimenezo amazitenga ngati kubera ntchito ya wina. Ndiye pa chithunzi chilichonse mafunso ndi awiri, kodi ndikuloledwa, nanga ndilembe ndani. Kutchula dzina kumayankha funso lachiwiri lokha.

Chiyambi chake nchakuti chithunzi chimakhala ndi mwini pomwe chajambulidwa. Wojambula safunika kukalembetsa kwina kulikonse, safunika kuika kachizindikiro ka © kaja, olo kulemba dzina lake pakona. Izi zili m'pangano la Berne lomwe linayamba mu 1886 ndipo maiko ambiri padziko lapansi ali momwemo. Umwiniwo umatenga nthawi yaitali, m'maiko ambiri ndi moyo wonse wa wojambulayo kuphatikiza zaka 50 atamwalira, ena ngati Amereka ndi maiko a mu European Union ndi zaka 70. Tanthauzo lake kwa inu ndi losavuta, chithunzi chomwe sichikunena kanthu za laisensi muchitenge kuti ncholetsedwa. Anthu ambiri amaganiza mozondoka, amati poti palibe chomwe chalembedwa ndiye kuti nchaulere. Ayi, kusalembedwa kanthuko ndiye kukutanthauza kuti mwiniwake sanapereke chilolezo kwa aliyense.

Mwina wina akuuzani kuti za maphunziro zimaloledwa. Pali zoona pang'ono pamenepo, malamulo a maiko ambiri amapereka mpata woti mphunzitsi aonetse ntchito ya wina pofuna kufotokozera phunziro, bola atchule gwero ndi dzina la mwiniwake, kungoti kukula kwa mpatawo kumasiyana dziko ndi dziko. Mukanakhala kuti mukungoonetsa pa pulojekita m'chipinda cha anthu ochepa nkuthera pomwepo, sindikanakuopsezani kwambiri. Vuto lili pa webusayitipo. Fayilo ikakwera pamenepo sikukhalanso kuphunzitsa m'kalasi, ndi kufalitsa kwa dziko lonse pansi pa dzina la bungwe lanu, ndipo makampani ogulitsa zithunzi ali ndi mapulogalamu omwe amasaka zithunzi zawo pa intaneti, akachipeza kalata yofuna ndalama imapita ku bungwelo. Nchifukwa chake ine ndimati konzani masilaidi ngati kuti akwera pa intaneti ndithu, chifukwa olo musawakweze inuyo wina apempha kuti mumutumizire ndipo kuchokera apo simudziwanso komwe afika.

Tiyeni titenge masilaidi anu a malungowo tione mmene ndikanachitira. Pafupifupi aliyense wophunzitsa za malungo amakhala ndi chithunzi cha udzudzu uli pakhungu ukuyamwa magazi, mimba itafiira, ndiye tiyambe ndi chimenecho. Choyamba ndi kufufuza komwe chinayambira. Tsegulani TinEye kapena Google Lens, kwezani chithunzicho, akuonetsani masamba omwe chikupezeka. Pa TinEye mutha kusanja zotsatira ndi Oldest kuti muone komwe anachiona koyamba, kapena Biggest image chifukwa kawirikawiri chachikulu kwambiri chimakhala pafupi ndi mwiniwake, zomwe zakopedwakopedwa zimachepa ndi kufwifwa. Musadalire tsamba loyamba lomwe latuluka, yang'anani pansi pa chithunzi m'masamba angapo, makamaka a manyuzipepala akuluakulu poti iwo amalemba dzina la wojambula. Ndi zithunzi za udzudzu mupeza kuti zambiri zotchuka zija zinajambulidwa ndi James Gathany ali wojambula wa CDC, bungwe la boma la Amereka loona za matenda, ndipo zimasungidwa mu Public Health Image Library, chilichonse chili ndi nambala yake. Apa mwachita mwayi, chifukwa ntchito yomwe wogwira ntchito m'boma lalikulu la Amereka wapanga ali pantchito yake sikhala ndi kopiraiti kumeneko, ndi ya aliyense. Zithunzi zambiri za NASA nazonso zili choncho pa chifukwa chomwechi. Komabe tsegulani tsamba la chithunzicho muwerenge pomwe alemba kuti Copyright Restrictions, chifukwa mu laibulale yomweyo muli zina zochepa zomwe anthu akunja anangopereka ndipo umwini udakali wawo. Ndipo musatengere kuti boma lililonse limatero, maboma ambiri zithunzi zawo zili ndi umwini ngati za wina aliyense.

Mukaona kuti palibe choletsa, pansi pa chithunzicho mulembe mzere umodzi:

```
Chithunzi: James Gathany / CDC, Public Health Image Library, public domain
```

Onjezerani nambala ya chithunzicho ngati malo alipo, imathandiza wina kuchipeza msanga. Lamulo silikukakamizani apa koma CDC imapempha kuti muwatchule, komanso anzanu a zaumoyo akaona kuti nchochokera kumeneko akhulupirira kuti udzudzuwo ndi Anopheles weniweni wofalitsa malungo, zomwe nzofunika chifukwa ndaonapo masilaidi a malungo ambirimbiri ali ndi udzudzu wamizeremizere yoyera uja wa Aedes, wofalitsa matenda ena osati malungo. Kutsata gwero kumagwira zolakwika ngati zimenezi.

Nanga kusakako kukakufikitsani ku Shutterstock, Getty Images, Alamy kapena iStock? Chotsani chithunzicho, palibe zokambirana, pokhapokha bungwe lanu ligule laisensi. Chithunzi chokhala ndi wotamaki, zilembo zosaoneka bwino zija zodutsa pakati, chikukuuzani chokha kuti nchogulitsa, ndipo kuidula wotamakiyo kapena kuiphimba ndi bokosi kumangoonjezera mlandu chifukwa zimaonetsa kuti munadziwa. Chenjeraninso ndi mawu oti royalty-free, anthu amawona free nkusangalala, pamene tanthauzo lake ndi loti umalipira kamodzi nkumagwiritsa ntchito kangapo, kulipira kulipo ndithu.

Tsopano silaidi ya neti, tinene kuti mukufuna chithunzi cha neti yoteteza ku udzudzu itapachikidwa pa bedi. Chomwe munatenga pa Google chija mwalephera kupeza mwiniwake, nde m'malo motaya ola lonse mukuchisaka ingosakani china pamalo pomwe laisensi imalembedwa poyera. Wikimedia Commons, Openverse, Flickr mutasankha laisensi. Apa ndi pomwe mukumane ndi Creative Commons, ndipo ndikhalitsa pang'ono chifukwa zambiri zosokonekera zimachitikira pomwepa.

Creative Commons ndi bungwe lomwe linatulutsa malaisensi ake oyamba mu 2002, ndipo aposachedwa kwambiri ndi a 4.0 a mu 2013. Wojambula akaika laisensi yotere pa chithunzi chake ndiye kuti wanena kwa aliyense kuti tengani osandifunsa, bola mutsate izi. Umwini sanautaye, wangopereka chilolezo chokhala ndi mfundo zake, mfundozo ndi tizilembo timene mumaona tija. BY ikutanthauza kuti mutchule wojambula, ndipo ili pa malaisensi onse asanu ndi limodzi. NC ikuti osapangira ndalama. ND ikuti osagawa chithunzi chomwe mwachisintha. SA ikuti mukachisintha, chosinthidwacho chituluke ndi laisensi yomweyo kuti enanso athe kuchitenga. Padera pali CC0, pomwe wojambula wasiya zonse, safuna olo kutchulidwa.

Kwa inu zosavuta kwambiri ndi CC0 ndi CC BY. CC BY-SA nayo ilibe vuto, ndipo mantha omwe ena amakhala nawo oti ukaika chithunzi cha SA ndiye kuti masilaidi onse asanduka a SA ndi opitirira muyeso, kungochiika pa silaidi mmene chilili pambali pa mawu anu sikusintha laisensi ya ntchito yanu yonse, chomwe chimagwidwa ndi SA ndi chithunzi chomwe mwachisandutsa china. ND ndiye ine ndimangoipewa pa masilaidi, chifukwa pa silaidi timadula, timasintha mtundu, timalemba mawu pamwamba, ndipo kuti mudziwe pomwe kusintha kwayambira mutaya nthawi yambiri kuposa kungosaka chithunzi china. NC ndi yomwe imafuna kuganiza. Laisensiyo siyang'ana kuti ndinu bungwe lothandiza anthu kapena kampani, imayang'ana cholinga cha kagwiritsidwe ntchitoko, ngati kwenikweni nchopezera phindu kapena malipiro. Maphunziro aulere a ogwira ntchito anzanu, palibe vuto. Koma tsiku lomwe masilaidi omwewo adzalowe mu kosi yolipiritsa, chithunzi cha NC chija chidzakhala pamalo olakwika ndipo palibe amene adzakumbukire kuchichotsa.

Ubwino wa Wikimedia Commons ndi woti salandira NC kapena ND nkomwe, chilichonse pamenepo chiyenera kukhala chololedwa kusintha ndi kupangira malonda. Koma samalani ndi kamsampha aka, si chithunzi chilichonse chomwe mwachiona mu nkhani ya pa Wikipedia chili pa Commons. Wikipedia yachingerezi imasunganso malogo, zikuto za mabuku ndi zina zomwe zili ndi umwini wonse, amaziika pa chifukwa cha lamulo la ku Amereka lomwe likukhudza nkhani imeneyo yokha. Ndiye dinani chithunzicho mufike pa tsamba lake lenileni, muone Author mu gawo la Summary, kenako muwerenge gawo la Licensing. Komanso wotchulidwa ndi wojambula, osati Wikipedia. Ngati wojambulayo amagwiritsa ntchito dzina lopeka la pa intaneti, olo likhale loseketsa bwanji, lembani lomwelo mmene lilili, ndi lomwe iye wasankha.

Zolemba zake ndi zinayi, mutu wa chithunzi, wojambula, komwe chili, ndi laisensi. Mu 4.0 mutu sukakamizidwanso koma mu akale monga 2.0 ndi 3.0 umafunika ngati ulipo, ndiye ingozolowerani kuulemba nthawi zonse. Ngati mwasintha kanthu munene. Tinene kuti neti ija mwaidula m'mbali kuti ikwane theka la silaidi:

```
"Mutu wa chithunzi", dzina la wojambula, Wikimedia Commons, CC BY-SA 4.0, chadulidwa m'mbali
```

Mu fayilomo mawu oti Wikimedia Commons akhale linki yopita ku tsamba la chithunzicho, ndipo CC BY-SA 4.0 ikhale linki yopita ku tsamba la laisensiyo. Linki ikhale ya tsamba lomwe likuonetsa wojambula ndi laisensi, osati yothera ndi .jpg ija yomwe imangotsegula chithunzi chokha, komanso osati chilinki chachitali cha zotsatira za Google chomwe mawa sichigwira. Nambala ya laisensi musaisiye, ndipo kulemba kuti Creative Commons basi sikuthandiza aliyense poti malaisensiwo ndi osiyana. Nambalayo ili ndi ntchito yake, mu 4.0 mukalakwitsa katchulidwe muli ndi masiku 30 kuchokera pomwe mwazindikira kuti mukonze ndipo chilolezo chimabwerera chokha, pamene mu 2.0, yomwe zithunzi zambiri zakale za pa Flickr zili nayo, mpata umenewo mulibe, mukaphonya chilolezo chimangotha. Pali anthu ena omwe amapezerapo mwayi, amaika zithunzi ndi laisensi yakale nkumasaka omwe analakwitsa katchulidwe kuti awalipiritse. Nde chithunzi cha 2.0 chilembeni mosamala, osaphonya kalikonse.

Chinthu china, laisensi ya Creative Commons sibwezedwa, wojambula atha kuchotsa chithunzi chake kapena kusintha maganizo koma inu amene munachitenga chili ndi laisensiyo mumapitiriza. Kungoti umboni mukhale nawo. Jambulani sikirinishoti ya tsambalo pomwe laisensi ikuoneka, muisunge mu foda imodzi ndi masilaidi, nkulemba tsiku lomwe munatenga. Nzotopetsa pang'ono inde koma ndi za mphindi imodzi.

Za mabatani osefera zithunzi. Pa Google Images pali Tools kenako Usage rights nkusankha Creative Commons licenses, ndipo mu PowerPoint mukapita pa Insert, Pictures, Online Pictures pali kabokosi ka Creative Commons only. Ndi pabwino poyambira koma musawakhulupirire mpaka mapeto, makinawo amangowerenga zomwe tsamba lanena, ndipo tsamba litha kunama. Munthu atha kutenga chithunzi cha nyuzipepala nkuchikweza pa akaunti yake ndi CC BY, laisensi yoteroyo ndi yachabe chifukwa wapereka chinthu chomwe si chake. Mumaziona bwanji? Tsegulani akaunti ya wokwezayo, ngati lero ali ndi chithunzi cha pa bwalo la mpira, mawa cha mu labu, mkuja cha mtsogoleri wa dziko lina, zonse zooneka zaukatswiri koma zazing'onozing'ono komanso zosafanana kajambulidwe, ameneyo ndi wotola. Wojambula weniweni zithunzi zake zimafanana dzanja, zimakhala zazikulu, ndipo pa Flickr kawirikawiri pamaoneka ndi mtundu wa kamera womwe.

Unsplash, Pexels ndi Pixabay ndidutsapo msanga. Ndi aulere, safuna kuti mutchule wojambula, koma ali ndi malaisensi awoawo osati CC0 ngati mmene ena amalembera, ndiye pansi pa chithunzi lembani dzina la wojambula ndi dzina la webusayitiyo basi. Pa nkhani za zaumoyo ine sindiwadalira kwambiri chifukwa palibe amene amatsimikiza kuti chomwe chalembedwa pa chithunzi ndi chomwe chilidi pachithunzipo.

Tifike pa magalafu ndi manambala, poti phunziro la malungo silingathe popanda World malaria report ya WHO. Apa pali kusiyana kofunika. Nambala payokha ilibe kopiraiti, mutha kunena kuti lipoti la 2023 linayerekeza kuti mu 2022 anthu anadwala malungo maulendo 249 miliyoni ndipo 608,000 anamwalira, simufunika chilolezo, mufunika kungonena komwe mwazitenga. Koma galafu mmene anaijambulira, mapu, mitundu yake, zimenezo ndi ntchito ya wina. Mwayi wake ndi woti mabuku a WHO a zaka zaposachedwa amatuluka ndi CC BY-NC-SA 3.0 IGO, muiona pa tsamba lakumayambiriro lomwe aliyense amalidumpha lija, ndiye pa maphunziro anu aulerewo galafu mutha kuitenga. Werengani tsamba lonselo, amanenanso kuti musagwiritse ntchito logo yawo kapena kuonetsa ngati akuvomereza bungwe lanu, komanso kuti zinthu za anthu ena zomwe zili mkatimo, monga chithunzi chomwe chili ndi dzina la wojambula wakunja, sizili pansi pa laisensiyo.

Langizo langa, m'malo mojambula sikirinishoti ya galafu yodzadza tizilembo tomwe wakumbuyo sangawerenge, tengani manambala omwe mukufunawo mujambule galafu yanu mu PowerPoint kapena Excel. Imaoneka bwino ndipo nkhani ya chilolezo yachepa. Pansi pake nenani zoona za chomwe mwachita, chifukwa kutenga galafu mmene ilili, kuisintha, ndi kujambula yanu kuchokera ku manambala awo ndi zinthu zitatu zosiyana:

```
Kuchokera mu: WHO (2023), World malaria report 2023, CC BY-NC-SA 3.0 IGO
Yasinthidwa kuchokera mu: WHO (2023), World malaria report 2023, CC BY-NC-SA 3.0 IGO
Galafu: yanga. Manambala: WHO (2023)
```

Pa ziwiri zoyambazo onjezerani nambala ya galafuyo kapena ya tsamba, lipotilo ndi lalikulu ndipo wofuna kutsimikiza asachite kuvundukula lonse. Mawu oti yasinthidwa ndi ofunika kwa inu komanso kwa iwo, ngati mwachotsa maiko ena kapena kuphatikiza zaka, wina asadzanene kuti WHO ndi yomwe inajambula choncho. Mukatenga galafu pa Our World in Data, magalafu omwe amapanga okha ndi a CC BY, koma pansi pake amalemba komwe manambala achokera, ndiye tchulani onse awiri.

Nanga zonsezi ziikidwe pati, pa silaidi pomwepo kapena kumapeto? Konse kuwiri, koma ntchito zake nzosiyana. Pa silaidi pakhale kamzere kafupi, pansi pa chithunzi kapena m'mbali mwake, zilembo za saizi 10 mpaka 12, mtundu wotuwa koma wowerengeka, malo amodzimodzi pa masilaidi onse kuti diso lizolowere. Chifukwa chake nchakuti silaidi imayenda yokha, wina aijambula pa foni, wina aikopera mu masilaidi ake, ndipo silaidi yomaliza ija siimutsatira. Komanso wina akafunsa pakati pa phunziro kuti nambala imeneyo mwaitenga kuti, yankho lili pomwepo pa sikirini. Ena amabisa zonse mu Notes, mmenemo ndi mwabwino kusungiramo malinki aatali kuti inuyo musaiwale, koma mukasandutsa fayilo kukhala PDF mwa nthawi zonse zolemba za mmenemo sizituluka, ndiye pa webusayiti chithunzi chikwera chopanda dzina.

Silaidi yomaliza ndi ya tsatanetsatane. Ine ndimaigawa pawiri, mabuku ndi malipoti pamwamba, zithunzi pansi. Mabuku asanjeni motsata sitayelo imodzi yomwe bungwe kapena sukulu yanu imafuna, kaya APA kaya Harvard kaya Vancouver yomwe a zachipatala amaikonda chifukwa imangoika manambala mu mawu. Sitayelo iliyonse nzofunika zake ndi zomwezo, wolemba, chaka, mutu, wosindikiza, ndi linki kapena DOI ngati ndi pepala la mu jenulo. Chomwe mwalemba mwachidule pa silaidi chigwirizane ndi chakumapeto, ngati pa silaidi 5 pali WHO (2023) ndiye kumapeto kukhale WHO 2023 yomweyo, osati kumapeto kuli ya 2022 chifukwa munakopera mndandanda wa chaka chatha. Ndipo musaikemo mabuku omwe simunawatchule pa silaidi iliyonse pofuna kuti mndandanda uoneke wautali, wodziwa amaona msanga. Zithunzi zisanjeni ndi nambala ya silaidi, silaidi 2 udzudzu, silaidi 7 neti, chilichonse ndi linki yake yonse. Ngati sizikukwana pa silaidi imodzi pangani ziwiri, palibe amene amaziwerenga pa pulojekita, ndi za wodzatsegula fayilo pambuyo pake.

Zithunzi zomwe mwajambula nokha lembani kuti Chithunzi: ndi dzina lanu, anthu asamakaike. Koma apa pakubwera nkhani ina yomwe kopiraiti siikhudza nkomwe, nkhope za anthu. Laisensi imachokera kwa wojambula, siyankhulira munthu amene ali pachithunzipo. Mwana wodwala ali pa bedi m'chipatala, olo chithunzicho chikhale cha CC BY, olo mwajambula nokha, pafunika chilolezo cha kholo lake, cholembedwa, chonena kuti chikwera pa intaneti. Ndipo kutenga chithunzi cha munthu wina aliyense pa Unsplash nkuchiika pansi pa mutu wa matenda ngati kuti ndi wodwala nkumunamizira. Pa phunziro la malungo manja, neti, kachipangizo koyezera magazi ndi maikulosikopu zimakwanira popanda nkhope.

Pakapezeka chithunzi chomwe mukuchifunitsitsa ndipo mwiniwake mwamupeza koma palibe laisensi, mulembereni. Uthengawo ukhale wachindunji, chithunzi chake nchiti, muchigwiritsa ntchito pa chiyani, anthu alipira kapena ayi, chikwera pa webusayiti iti, ndipo mumufunse kuti akufuna atchulidwe motani. Akavomera sungani imeloyo mu foda ija ndipo pansi pa chithunzi muonjezere mawu oti mwachilolezo. Akapanda kuyankha sikuti wavomera, ndipo kulemba kumapeto kuti zithunzi zonse ndi za eni ake kapena kuti sindikufuna kuphwanya umwini wa wina sikukutetezani ku chilichonse.

Pa masilaidi 14 anuwo yambani ndi kulemba katebulo, nambala ya silaidi, chithunzi, mwini, laisensi, linki, mwasintha chiyani. Chithunzi chilichonse chipatseni mphindi zisanu za TinEye, chomwe mwini wake sanapezeke pa nthawi imeneyo chichotseni musake china pa Commons kapena mu laibulale ya CDC ija. Ulendo wina muzidzaza katebuloko pomwe mukudawuniloda chithunzi, ndipo dzina la fayilo mulisinthe nthawi yomweyo likhale ndi wojambula ndi laisensi, mwachitsanzo `udzudzu_Gathany_CDC_PD.jpg`, kuti mnzanu wodzatenga foda yanu chaka chamawa asadzayambirenso kusaka.